Kusandutsa tsitsi lakuda kukhala la bulondi popanda kuoneka ngati lapakidwa penti

Tsitsi Lopota: Ndakupatsani moni nonse. Zaka zitatu zapitazo ndinayesa kusintha tsitsi langa kuti likhale la bulondi, ndipo zotsatira zake zinandikhumudwitsa moti ndinalimeta lonse pasanathe miyezi iwiri. Amene anandikonza anapaka bulichi mutu wonse nthawi imodzi, kuyambira pakhungu mpaka kunsonga, anandikulunga ndi pulasitiki, kenako anatsuka n'kupakanso dayi wina amene pabokosi pake panali chithunzi cha tsitsi lokongola kwambiri. Nditadziyang'ana pagalasi ndinaona mutu wonse uli ndi mtundu umodzi wokhawokha, wachikasu chothobwa m'maso, ngati kuti munthu wandivundikira chisoti. Ngakhale kupota kwa tsitsi langa sikunkaonekanso bwino, chifukwa panalibe paliponse pamene panali poderako kuti diso lisiyanitse mpindiko wina ndi unzake. Tsopano tsitsi lakulanso, ndikalikoka limafika masentimita pafupifupi 25, ndi lakuda kwambiri, lopota, ndipo silinalawepo rilakisa chiyambire kumera. Mtima ukufunabe bulondi, koma ndikufuna wooneka ngati anamera nane, wofatsa, wosachititsa anthu kucheuka chifukwa cha kuwala kwake. Kodi chinalakwika n'chiyani ulendo woyamba uja, nanga ndipemphe chiyani kwa wondikonza kuti zisabwerezeke?

Wokonda Phulusa: Achemwali, vuto lanu ndi laling'ono ndipo ine ndinadutsamo. Chimene chinakuthobwani m'maso ndi chikasu, ndipo mankhwala a chikasu ndi mtundu wa pepo. Mukapakanso bulichi, pemphani tona wotuwa ngati phulusa, dayi wopepuka uja wopaka pambuyo pa bulichi, kenako muzitsuka ndi shampu wa pepo nthawi zonse. Chikasu chikachoka, tsitsi limaoneka lodekha ndipo palibe amene anganene kuti ndi penti.

Mkonzi Wakale: Achemwali a Phulusa anena zoona pa mfundo imodzi, yakuti pepo amaziziritsa chikasu, koma ndikupempha kuti tisafulumire kutseka nkhani pamenepo, chifukwa wofunsayu watchula mavuto awiri osiyana. Loyamba ndi kuwala kopitirira, lachiwiri ndi mtundu umodzi wokhawokha mutu wonse, ndipo tona angathandize loyambalo koma lachiwirilo sangalikhudze. Mutu wachikasu wofanana paliponse mukaupaka tona wa phulusa umasanduka mutu wotuwa wofanana paliponse, chisoti chija chimangosintha mtundu. Ndagwira ntchito imeneyi zaka zoposa 15, ndipo chimene ndinachedwa kuchimvetsa n'chakuti bulondi amaoneka weniweni chifukwa cha mdima umene mwausiyamo. Yang'anitsitsani mwana amene anabadwa ndi tsitsi lowala. Kutsinde limakhala loderako, lakunsi cha kukhosi limakhala lodera kuposa lapamwamba, ndipo lowala kwambiri limakhala lozungulira nkhope ndi lakunsonga, kumene dzuwa lakhala likuwomba nthawi yaitali. Diso lathu linazolowera dongosolo limeneli, choncho likaona mutu wowala mofanana kuyambira pakhungu, kapena choipa kwambiri, wowala kutsinde kuposa kunsonga, limadziwa nthawi yomweyo kuti pali dzanja la munthu. Ndiye funso loyenera kuyamba nalo si lakuti tiwalitsa bwanji tsitsi lonse, koma lakuti ndi tsitsi liti limene tisaliguse n'komwe.

Tsitsi Lopota: Mayi, mwandikumbutsa chinthu chimene ndinaiwala kutchula. Ulendo uja kutsinde kunali koyera kuposa kwina konse, pafupifupi mbee, pamene kunsonga kunali chikasu chakupsa. Ndinkaganiza kuti wondikonzayo anachulukitsa mankhwala pamenepo.

Mkonzi Wakale: Mwina sanachulukitse, mwana wanga, anangoyambira malo olakwika. Khungu la m'mutu limatentha, ndipo bulichi amathamanga pamene pali kutentha, choncho sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka yoyandikana ndi khungu imawala msanga kuposa tsitsi lonse. Komanso tsitsi lapamenepo ndi laling'ono, silinakhwime ngati lakutali. N'chifukwa chake munthu akafunadi kuwalitsa mutu wonse amayamba kupaka pakati ndi kunsonga, n'kubwerera kutsinde pomaliza. Koma inuyo pa zimene mukufuna, tsinde silifunika kupakidwa ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi zikupulumutsaninso ku zilonda za pakhungu.

Wa Mawigi: Pepani kulowerera, koma ine sindikuona chifukwa chovutikira chonchi. Ndinagula wigi wa bulondi wa tsitsi lenileni, ndinauviika m'madzi otentha osakaniza ndi dayi woderako pang'ono, ndipo unatuluka bwino kwambiri moti anthu amafunsa ngati ndi tsitsi langa. Njira yoviika imeneyi ndi yachangu ndipo mtundu umalowa mofanana paliponse.

Wophunzira Ntchito: Achemwali a Mawigi, funso ndi la tsitsi lomera pamutu, lomwe ndi lakuda ndipo liyenera kuyamba lachotsedwa mtundu wake. Wigi wanu anabwera atawalitsidwa kale, inu munangomuderetsa, ndipo kuderetsa ndi ntchito yopepuka poyerekeza ndi kuwalitsa. Komanso mtundu wolowa mofanana paliponse ndi umene wofunsayu akuuthawa. Ine funso langa likupita kwa mayi athu a Mkonzi. Kumene ndikuphunzira anatiuza kuti tsitsi lakuda kwambiri limafuna kuti divelopa, mankhwala aja osakaniza ndi ufa wa bulichi, akhale wa voliyumu 40, chifukwa wa 20 ndi wofooka ndipo amasiya tsitsi lofiira. Kodi si zoona zimenezi?

Mkonzi Wakale: Kufiirako sikubwera ndi divelopa, kuli kale m'tsitsimo. Tsitsi lakuda likamawalitsidwa silidumpha kuchoka pakuda n'kufika poyera, limadutsa m'makwerero. Limayamba lafiira, kenako limakhala ngati dzimbiri, kenako mtundu wa lalanje, kenako golide, kenako chikasu, ndipo pomaliza chikasu chotumbuluka. Timayeza makwerero amenewa ndi malevulo kuyambira 1, amene ndi wakuda bii, mpaka 10, amene ndi wowala kwambiri, ndipo tsitsi la wofunsayu mosakayika lili pa 2 kapena 3. Divelopa wa 20 ali ndi perokisaidi wokwana 6 peresenti, wa 30 ali ndi 9, ndipo wa 40 ali ndi 12. Wa 40 amathamanga, zimenezo n'zoona, koma amathamanga mosayang'ana njira, amatsegula khungu la tsitsi mwankhanza n'kulisiya lili ndi timabowo, ndipo tsitsi lotere silinyezimira. Apa ndi pamene anthu ambiri saona kugwirizana kwake. Tsitsi lopsa ndi mankhwala limaoneka ngati thonje kapena udzu wouma, kuwala kukafikapo kumabalalika m'malo mobwerera m'maso, choncho ngakhale mtundu utakhala wolondola, limaoneka lakufa. Wa 20 akakhala mkati mwa foyilo, pepala lachitsulo lija lokulungira tsitsi lopakidwa, momwe sauma msanga, amayenda pang'onopang'ono koma amafika patali ndithu, ndipo amakupatsa mpata wotsegula n'kuona pamene wafika. Bulichi akauma ndiye kuti wasiya ntchito, choncho kupaka mokwanira ndi kutseka bwino foyilo kumathandiza kuposa kukweza voliyumu. Ine wa 40 sindimuyandikitsa pakhungu la munthu, ndipo pa tsitsi lopota, lomwe limakhala losalimba m'mipindiko yake, sindimugwiritsa ntchito.

Wokonda Phulusa: Koma mayi, ngati tsitsi laima pa lalanje, si pamene tona wa phulusa amafunika kwambiri? Ine ndimaona kuti kufiira kulikonse m'tsitsi la bulondi ndi chizindikiro cha ntchito yosatha.

Mkonzi Wakale: Tona samawalitsa, achemwali, amangoika mtundu pamwamba pa umene ulipo, ndipo ayenera kufanana levulo ndi pamene tsitsi lafika. Mukatenga tona wa levulo 10 n'kupaka pa tsitsi lomwe laima pa 7, palibe chimene achite, chifukwa ndi wopyapyala kwambiri kuti aphimbe lalanje, ndipo akatsukidwa kawiri mumabwerera pamene munali. Chinanso n'chakuti pepo amalimbana ndi chikasu, koma wolimbana ndi lalanje ndi buluu, choncho shampu wa pepo pa tsitsi la lalanje ndi kungotaya nthawi. Mukati muchulukitse buluuyo kuti lalanje azimiririke kotheratu, tsitsi limadera n'kukhala ngati matope, chifukwa mitundu yozizira imameza kuwala. Ndikusiyana nanu pa mfundo yakuti kutentha kwa mtundu ndi ntchito yosatha. Bulondi wopanda golide ngakhale pang'ono ndi amene amaoneka wopangidwa, makamaka akakhala pafupi ndi nsidze zakuda. Ntchito ya tona ndi kufatsitsa golideyo, osati kumupha.

Wokonda Phulusa: Pamenepo ndiye sindikuvomerezani kwathunthu. Pankhope yanga golide amandichititsa kuoneka wotopa, pamene wotuwa amandikhala bwino, ndipo ndayesa zonse ziwiri. Ndikuvomereza zoti shampu wa pepo ndinkamuchulukitsa, chifukwa nsonga zanga zinafika potuwa ngati fumbi pamene pakati panali pachikasube, koma zoti aliyense afunika golide ndikukana.

Mkonzi Wakale: Nkhope ndi yanu ndipo galasi ndi lanu, sindingakutsutseni pa chimene maso anu aona. Chimene ndingawonjeze n'chakuti wotuwa amafuna tsitsi lofika pa 9 kapena 10, ndipo kuchoka pa 2 kukafika kumeneko ndi ulendo umene si tsitsi lililonse lingaupirire. Nsonga zanu zinatuwa chifukwa ndi zakale ndipo zili ndi timabowo tambiri, zimamwa mtundu msanga kuposa pakati. Shampu ameneyo kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri n'kokwanira, ndipo ayambire pamene pali chikasu, osati kunsonga.

Wophunzira Ntchito: Tisanapitirire, ndifunse wofunsayu chinthu chimene anatiphunzitsa kuti tizifunsa aliyense. Achemwali, mwanena kuti simunapake rilakisa, koma kodi chiyambire kumeta paja simunapakepo dayi wina aliyense, ngakhale wakuda, kapena hina?

Tsitsi Lopota: Hina sindinapakepo. Dayi wakuda ndinapaka kamodzi kokha, pafupifupi chaka chapitacho, chifukwa nsonga zinkaoneka zofiirira ndi dzuwa ndipo ndinkafuna kuti lide mofanana. Sindinatchule chifukwa ndinkaganiza kuti wakuda pa tsitsi lakuda alibe kanthu, ndiponso panopa anasuluka kalekale.

Mkonzi Wakale: Wophunzira wathu wafunsa funso lomwe ndinayenera kuyamba nalo ine, ndipo yankho lake lasintha zambiri. Dayi wosachoka, uja wosakaniza ndi divelopa, sasuluka n'kutheratu, amakhalabe mkati mwa tsitsi mpaka litadulidwa. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, choncho pamutu panu pali tsitsi la mitundu iwiri. Masentimita 12 kapena kuposerapo pang'ono ochokera kutsinde ndi osakhudzidwa, ndipo otsalawo ali ndi dayi. Bulichi akafika pa awiriwa sayenda liwiro limodzi. Losakhudzidwalo limawala bwino, pamene la dayilo limakakamira pa dzimbiri, ndipo pamalire pake pamatuluka mzere wooneka ngati lamba. Zikatero dongosolo lija limatembenuka, kumtunda kowala, kunsonga kodera, zomwe ndi zosemphana ndi mmene tsitsi lachibadwa limakhalira. Musalole munthu kuyamba ntchito asanayese kachigawo kochepa. Atenge tsitsi lochuluka ngati pensulo kunsi cha kukhosi, asakanize ufa wa bulichi muyezo umodzi ndi divelopa wa 20 miyezo iwiri, kapena mmene opanga alembera, apake kuyambira sentimita ziwiri kuchoka pakhungu mpaka kunsonga, akulunge mu foyilo, ndipo azitsegula mphindi 10 zilizonse n'kupukuta pang'ono kuti aone mtundu weniweni, chifukwa ufa wa buluu kapena woyera umanamiza maso. Asapitirire nthawi imene yalembedwa pachitini, yomwe nthawi zambiri imakhala mphindi 45 kapena 50. Akatsuka, akoke tsitsilo likadali lonyowa. Likatanuka pang'ono n'kubwerera, lili bwino. Likatanuka ngati mphira wotha ntchito osabwerera, kapena likamamatirira m'zala, ulendo wathera pomwepo.

Mayi wa Rilakisa: Popeza mwatchula za rilakisa, ndiloleni ndifunse za ine mwini. Ndimapaka rilakisa miyezi itatu iliyonse, ndipo ndikufuna timizere tochepa ta bulondi kutsogolo kokha. Ndinamva kuti ukadikira masabata awiri chipakire, palibe vuto.

Mkonzi Wakale: Mayi, masabata awiri amapumitsa khungu, koma sabweza zimene rilakisa wasintha mkati mwa tsitsi. Rilakisa amawongola tsitsi pothyola mfundo zimene zimaligwira, ndipo bulichi amawononganso mfundo zomwezo, choncho awiriwa akakumana pa tsitsi limodzi nthawi zambiri limaduka, ndipo kutsogolo kumene mukufunako ndi kumene tsitsi limakhala losalimba kuposa kwina. Ine pa tsitsi la rilakisa bulichi ndimakana. Alipo anzanga amene amavomera kukweza malevulo awiri okha ndi dayi wofatsa, koma umenewo ndi bulawuni wowala, si bulondi.

Mayi wa Rilakisa: Ndamva, ngakhale mnzanga wina anachita ndipo tsitsi lake lilipobe. Ndiganizirabe.

Tsitsi Lopota: Ndabweranso patatha masiku anayi ndi zotsatira. Ndinapeza wokonza tsitsi wina amene anavomera kuyesa mmene munafotokozera. Pa mphindi 20 kachigawo konse kanali kofiira. Pa mphindi 35 mbali yakumtunda inali itafika pa golide wolowera kuchikasu, amene iye anati ndi levulo 8, koma kuyambira pakati mpaka kunsonga kunali ngati dzimbiri, ndipo pamalire panali mzere wowoneka bwino lomwe, wofiira kuposa kwina konse. Anasiya mpaka mphindi 45, nsongazo zinangosuntha pang'ono n'kuima pa lalanje wakupsa, iye anati ndi pakati pa 6 ndi 7. Titakoka, lakumtunda linabwerera bwino, lakunsonga linabwereranso koma linkamveka lokhakhala. Iye akuti tiyambe ndi mankhwala ochotsa dayi, kapena tidule masentimita angapo. Ine kudula kukundiwawa.

Mkonzi Wakale: Wokonza ameneyo mugwireni, akudziwa ntchito. Zotsatirazi ndi zabwino kuposa mmene ndinkaopera, ndipo ndikanakhala ine ndikanayenda motere. Tsiku loyamba ndi la mankhwala ochotsa dayi okha, opakidwa pa mbali ya dayi yokha. Mankhwala amenewa sakhudza mtundu wachibadwa, amachepetsa tinthu ta dayi kuti tituluke ndi madzi, ndipo chinsinsi chake ndi kutsuka nthawi yaitali, chifukwa totsalira timaderanso tikakumana ndi divelopa. Kenako tsitsi lipume masabata angapo likudya kondishona. Tsiku la foyilo, cholinga chisakhale levulo 10. Tsitsi lanu lanena lokha kuti lingafike pa 8 lili lamoyo, ndipo 8 atakhala pafupi ndi 2 amaoneka wowala kwambiri kuposa mmene amaonekera payekha. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa posankha mtundu pachithunzi cha munthu amene tsitsi lake lachibadwa ndi lowala kale. Ulendo woyambawu tsitsi lokwana theka lisiyidwe lakuda, makamaka lakunsi ndi lamkati, kuti likhale mthunzi umene lowalalo litsamirepo. Mafoyilo asayambire mtunda umodzi kuchoka pakhungu. Ozungulira nkhope ayambire pafupi, mwina sentimita imodzi kapena ziwiri, apamwamba pamutu ayambire masentimita atatu mpaka asanu, ndipo akumbuyo ayambire kutali kuposa pamenepo. Asanapake chigawo chilichonse, akankhire tsitsi lina kutsinde ndi chipeso kuti lotsala m'dzanja likhale losafanana kutalika, ndipo burashi aigwire choimirira pokwera m'mwamba kuti bulichi athere mopyapyala. Akapaka ndi burashi yogona, pamatsala mzere wowongoka ngati wojambula ndi rula, ndipo mzere umenewo ndi umene anthu amautcha penti. Popeza nsonga zanu ndi zouma mutu, apake kumeneko poyamba, ndipo mbali yosakhudzidwa ipakidwe patatha mphindi 10 kapena 15 kuti zikafikire limodzi.

Wophunzira Ntchito: Mayi, ife anatiphunzitsa kuti kuti zioneke zachibadwa, tizigawo tizikhala tating'ono kwambiri, ngati ulusi. Kodi pa tsitsi la achemwaliwa tichitenso choncho?

Mkonzi Wakale: Pa tsitsi lowongoka n'zoona, koma pa lopota timaulusi timeneto timasochera. Tsitsi lopota limadzisonkhanitsa m'magulu, ndipo gulu lililonse likakhala ndi tsitsi lowala pang'ono ndi lakuda pang'ono, munthu woima patali amaona mtundu umodzi wa bulawuni wosadziwika bwino, kapena amaganiza kuti ndi imvi. Ndi bwino kuyang'ana tsitsilo lili louma, mmene mwini wake amalisiyira tsiku ndi tsiku, n'kusankha mipindiko yathunthu, uwu uwale, woyandikana nawo ukhale wakuda, winawo uwale theka lakunsi lokha. Ndikukumbukira mtsikana wina amene ndinamuwongola tsitsi ndi chowumitsira ndisanaike mafoyilo, ndipo ntchito inaoneka yokongola tsiku limenelo, koma atalitsuka n'kubwerera m'kupota kwake, kuwala konse kunakathera mkati ndipo pamwamba panali madontho obalalika. Kuyambira pamenepo ndimaika chizindikiro pa mipindiko ndisanalikhudze ndi chipeso. Kumbukiraninso kuti tsitsi lopota limafupika likauma, choncho masentimita asanu amene mwasiya akuda polikoka amaoneka ngati awiri kapena atatu likabwerera.

Wometa Abambo: Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi. Ine amene amabwera kwa ine tsitsi lawo silipitirira sentimita imodzi kapena ziwiri, ndipo pamenepo palibe pokulunga foyilo. Achinyamata ambiri amafuna bulondi pamwamba, ndipo chimene ndapeza n'chakuti akadikira sabata imodzi kapena iwiri, tsinde lakuda likayamba kuonekera pansi, ndi pamene amaoneka bwino kuposa tsiku loyamba. Ndiye masiku ano ndimameta m'mbali motsetsereka kuti pakhale pakuda, ndipo pamwamba ndimapaka nsonga zokha ndi dzanja lovala gulovu, osakanikiza mpaka pakhungu. Sindikudziwa ngati pa tsitsi lalifupi chonchi pali njira ina yoposa imeneyi, chifukwa ena amatulukabe achikasu kwambiri.

Mkonzi Wakale: Achimwene, mwafika pa mfundo yomweyi podzera njira yanu. Pa tsitsi lalifupi choncho ine ndilibe luso loposa lanu, ndingangoti achikasuwo mwina akusowa tona, chifukwa ometa ambiri amatsuka bulichi n'kumutulutsa munthu. Ndibwerere kwa wofunsa wathu, chifukwa gawo la tona ndi limene limamaliza kapena kuwononga zonse. Tona akhale wa mtundu uja wosakanizidwa ndi divelopa wofooka kwambiri, wosapitirira voliyumu 10, ndipo wocheperapo ndi wabwino koposa. Mukatenga dayi wamphamvu ndi divelopa wa 20 n'kuthira mutu wonse pabeseni, amakakweza pang'ono tsitsi lakuda lija munalisiya dala, n'kulisandutsa lofiirira, ndipo mthunzi wanu umawonongeka. Chachiwiri, asakhale tona mmodzi mutu wonse. Pamene bulondi akuyambira papakidwe mtundu wa levulo 5, masentimita awiri kapena atatu, n'kuukokera pansi ndi chipeso kapena zala kuti pasakhale malire. Kudumpha kuchoka pa 2 kufika pa 8 popanda kanthu pakati ndi kumene kumaoneka ngati mizere ya mbidzi. Pakati papakidwe levulo 8 wa golide wosakaniza ndi pepo pang'ono kuti afatse. Nsonga zikaima pa 7, zipatsidwe tona wa 7 wokhala ndi buluu pang'ono, ndipo zipakidwe pomaliza kwa mphindi zochepa chifukwa zimamwa msanga. Musamuuze wokonzayo manambala a pachubu amene mwawerenga kwina, chifukwa nambala yotsatira kadontho imasiyana tanthauzo malinga ndi kampani. Muuzeni mtundu umene mukufuna, iye asankhe. Ndipo popeza pali dayi woderako amene ayandikire khungu, ayeseni kuseri kwa khutu maola 48 lisanafike tsikulo, ngakhale munapakapo dayi kale popanda vuto.

Tsitsi Lopota: Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ngati nsonga zitsala pa 7 pamene pakati pali pa 8, ndiye kuti ndabwerera ku vuto lomwe munanena lija, lakuti kunsonga kwadera kuposa kumtunda.

Mkonzi Wakale: Nkhawa yanu ndi yoona, ndipo sindikubisirani. Kusiyana kwa levulo imodzi pa tsitsi lopota sikuoneka kwambiri, koma kukakhala malevulo awiri kumaoneka. Zikatero pali njira ziwiri. Ina ndi kutsitsa pakatipo ndi tona kuti pafanane ndi nsonga, n'kukhala ndi bulondi woderako kwa miyezi iwiri, kenako n'kubwereranso kukakweza nsonga zokha tsitsi litapuma masabata 6 mpaka 8. Ina ndi kudula masentimita anayi kapena asanu akale kwambiri, amene ndi okhakhala kale. Ine ndimakonda kudula, chifukwa nsonga zopakidwa bulichi kawiri pamwamba pa dayi wakuda sizikhalitsa, zimadzidula zokha pachipeso.

Wophunzira Ntchito: Ine ndikanasankha kudikira. Achemwaliwa alisunga tsitsili zaka zitatu, ndipo masiku ano pali mankhwala othira mu bulichi oteteza mfundo za tsitsi, amene ndaona akuthandiza.

Mkonzi Wakale: Amathandiza ndithu ndipo nanenso ndimathira, koma amachepetsa kuwonongeka, sakuthetsa, ndiponso ena amachedwetsa bulichi pang'ono, choncho nthawi imene munaipeza poyesa ija ingasinthe. Chiweruzo chidikire mankhwala ochotsa dayi aja. Akatha, muyesenso kachigawo kena pafupi ndi koyamba, chifukwa tsitsi lidzakhala litasintha.

Wokonda Phulusa: Ndiwonjeze chimodzi chimene ndikuchidziwa bwino chifukwa chinandichitikira. Tona amasuluka pakatha masabata angapo, ndipo amasuluka msanga ukamatsuka ndi madzi otentha kwambiri. Komanso pamene ndinkatsukira madzi okhala ndi dzimbiri la m'mapaipi, tsitsi linkabwerera ku lalanje ngakhale nditangopaka tona kumene, mpaka nditayamba kugwiritsa ntchito shampu wochotsa zitsulo za m'madzi kamodzi pa mwezi. Ndiye mukadzaona mtundu ukusintha, musathamangire bulichi wina.

Tsitsi Lopota: Zikomo nonse. Ndapangana ndi wondikonza kuti Loweruka tichotse dayi, ndipo kachigawo kachiwiri tidzayesa pakatha masabata awiri. Za kudula sindinasankhebe, ndiyamba ndaona pamene nsonga zidzaime. Koma pali chimene sitinagwirizane. Iye akufuna kuti mipindiko iwiri yakutsogolo ikwere mpaka 9 kuti iwalitse nkhope, pamene ine ndikuopa kuti iwiri imeneyo ndi imene idzayambe kuoneka ngati yopaka. Mayi, inu mukanatani?

Mkonzi Wakale: Zitengera pamene mumagawa tsitsi lanu. Ngati mumaligawa pakati, mipindiko iwiri yofanana kukula, wina uku wina uku, imaoneka ngati makatani, ndipo ine ndikanaisiya pa 8 n'kuisiyanitsa makulidwe. Ngati mumaligwetsera mbali imodzi, umodzi wa 9 kumbali yochuluka tsitsi ungakhale bwino, bola kuseri kwake kukhale mpindiko wakuda woutsamira. Tsitsi la pamphumi ndi lopyapyala ndipo limawala msanga, choncho foyilo yake iikidwe pomaliza ndi kutsegulidwa poyamba. Mutiuze mmene mumaligawira, ndiponso mujambule kachigawo kachiwiriko panja pamthunzi, osati pansi pa getsi la m'nyumba, chifukwa getsi lachikasu lidzatinamiza tonse.